Mwana akadzuka pakati pa usiku, ntchito ya bambo ndi iti?

*"Mwana wathu woyamba ali ndi masabata asanu ndipo akuyamwa bere lokha. Apongozi anga amene ankatithandiza abwerera kumudzi kukakolola. Akunyumba sakugona. Mwana amadzuka kanayi kapena kasanu usiku uliwonse, ndipo dzulo ndinawapeza atakhala pabedi akulira. Ine ndimanyamuka 6 koloko m'mawa kupita kuntchito. Anzanga akuti ndigule mkaka wa m'chitini ndizimupatsa usiku kuti amake azigona. Ndichite zimenezo, kapena pali njira ina? Filiji tili nayo koma magetsi sachedwa kuzima."* — Bambo a ku Kawale, Lilongwe

Bambo a mwana, chitinicho chiyambe chakhala m'sitolo momwemo. Ndakhala mzamba zaka zambiri, ndipo abambo ambiri obwera ndi funso lotere amaganiza kuti chotopetsa mayi usiku ndi kuyamwitsako, ndiye poti iwo bere alibe, chatsala n'kugula mkaka basi. Usiku wa lero tayesani izi: mwana akangodzuka yang'anani nthawi pafoni, mayi akagonanso yang'ananinso. Mupeza kuti kuyamwa kwenikweni kwatenga mphindi 20 kapena 30, koma papita ola lathunthu, mwinanso kuposa. Nthawi inayo yathera pofunafuna tochi, posintha thewera, pomugeyetsa, poyenda naye uku ndi uku, pomugoneka, iye n'kudzidzimuka msana utangokhudza matiresi, n'kuyambiranso. Zonsezi sizifuna bere. Munthu aliyense wa manja awiri angazichite, ndipo m'nyumba mwanumo munthuyo ndi inu.

Chachiwiri choti mudziwe n'chakuti chimene chikuwaliza mayiwo si kuchepa kwa maola okha ayi, komanso kudukaduka kwa tulo. Munthu wogona ola limodzi n'kudzuka, ola lina n'kudzukanso, sapeza mokwanira tulo tofa nato timene timabwezeretsa mphamvu, ngakhale maolawo mutawaphatikiza akwane asanu ndi limodzi. Choncho chimene tikufuna ndi chimodzi: mayi apeze maola anayi kapena asanu otsatizana usiku uliwonse, mwana asaphonye chakudya, ndipo mkaka usachepe. Zonse zimene ndinene pano zikuloza pamenepo.

Anzanu aja sakufunirani zoipa, koma taonani chimene chimachitika. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuchotsedwera. Ukatuluka wambiri limapanga wambiri, ukatsalira thupi limamva kuti wachuluka ndipo limachepetsa. Homoni imene imalamula kapangidwe ka mkaka, yotchedwa pulolakitini, imakwera kwambiri usiku, ndiye kuyamwitsa kwa usiku ndi kumene kumasunga mkaka wa masana. Mukayamba botolo limodzi la usiku mayi osafinya, pakapita sabata imodzi kapena ziwiri mwana amayamba kuoneka ngati sakukhuta masana, mumawonjezera botolo lachiwiri, ndipo pofika miyezi itatu mumapeza kuti mwana waleka bere nyumba yonse isanagwirizane kuti aleke. Mwana wodalira chitini chokha amafunika pafupifupi makilogalamu 20 a mkaka wa ufa m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Amenewo ndi matini 50 a magalamu 400. Kafunseni mtengo wa tini limodzi muwerengere nokha. Onjezerani kuwiritsa madzi 2 koloko usiku ndi kutsuka botolo, limene m'kati mwa kansonga kake mumabisala zotsalira zoyambitsa kutsekula m'mimba. Ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti mwana wa chitini azigona usiku wonse. Mwana wa msinkhu uwu amadzuka chifukwa kamimba kake n'kakang'ono, ndipo amafunika kuyamwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku, usana ndi usiku.

Kumene mayi ali ndi kachilombo ka HIV nkhaniyi imakula, chifukwa kusakaniza bere ndi zina m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba kumawonjezera mpata woti mwana atenge kachilomboko. Alipo ana amene achipatala amawalembera mkaka wa m'chitini pa zifukwa zenizeni, koma chigamulo chimenecho chichokere kuchipatala mwana atamupima. Madzi, madzi a shuga, dawale ndi phala lamadzimadzi nazonso ayi, ngakhale atanena kuti mwana akulira ludzu.

Tsono tiyeni tiukonze usiku wanu. Ndiyerekeza kuti mumafika pakhomo cha m'ma 6 koloko madzulo. Nthawi imeneyo ana ambiri a msinkhu uwu amavuta: amayamwa pang'ono, kusiya, kulira, kufunanso bere, mpaka cha m'ma 8. Si kuti mkaka watha. Ndi khalidwe lawo, ndipo kawirikawiri pambuyo pa kuyamwa kobwerezabwerezako ndi pamene amagona tulo tawo totalikirapo. Tulo timeneto ndi timene tikufuna mayi agone nawo limodzi. Vuto m'nyumba zambiri n'lakuti mwana akagona, mayi ndi pamene amayamba kuphika nsima, kutsuka mbale, kuviika matewera, n'kukagona 11 koloko mwana atatsala pang'ono kudzuka. Ndiye ntchito yanu yoyamba ya usiku ikuyambira pambaula. Pofika hafu 7 mayi akhale atadya ndi kusamba. Ngati nsima imakukanikani, nyamulani mwana iwo aphike, mbale n'zanu.

Cha m'ma 8 mwana ayamwe mabere onse awiri mpaka akhute. Akangomaliza mutengeni, mayi alowe kuchipinda hafu 8 isanadutse, foni aisiye pabalaza, chitseko chitsekedwe. Kuyambira pamenepo mpaka 12 koloko mwana ndi wanu. Mugeyetseni mutamutsamiritsa paphewa, mukusisita msana pang'onopang'ono. Akapanda kugeya pakatha mphindi zisanu musalimbane naye, ana oyamwa bere ena sageya nthawi zonse. Akagona mugonekeni chagada pamalo ake olimba, opanda pilo, m'neti.

Adzadzuka cha m'ma hafu 10 kapena 11. Musadikire kuti alire. Njala imayamba kuoneka mwana akadali chete: amatembenuza mutu uku ndi uku, amatsegula kukamwa, amanyambita milomo, amaika kadzanja m'kamwa. Kulira kumabwera pomaliza, ndipo mwana amene wafika polira amavuta kugwira bere, amameza mpweya, ndi kudzutsa nyumba yonse. Mukaona zizindikirozo sinthani thewera kaye ngati lanyowa kwambiri kapena wachita chimbudzi, kenako pitani naye kwa amake. Iwo asadzuke kukhala tsonga. Agone cham'mbali, inu mumuike mwana moyang'anizana nawo, mimba yake ikhudze mimba yawo, mphuno yake ili pafupi ndi nsonga ya bere, bulangete lili kutali ndi nkhope yake. Musayatse getsi, musayambe nkhani za kuntchito. Khalani pomwepo muli maso, chifukwa mayi akhoza kusinza mwana ali pabere, ndipo n'zimene tikufuna. Akamaliza mutengeni mutuluke naye. Mayi adzakhala atasokonezedwa mphindi 20 zokha, ali m'tulo theka, ndipo ambiri m'mawa sakumbukira bwino n'komwe.

Pofika 12 mugonekeni mwana pamalo ake pafupi ndi amake, inu mugone. Kudzuka kwa cha m'ma 2 ndi kwa m'bandakucha n'kwa mayi, amene pofika nthawiyo agona pafupifupi maola asanu. Inu mugona maola asanu ndi theka mpaka hafu 5. Sindinama kuti n'zokwanira. Mudzayasamula kuntchito, ndipo Loweruka masana mudzafunika kubweza tulo. Koma zimenezi n'za masabata owerengeka, pakuti ana ambiri akamafika miyezi itatu amayamba kutalikitsa tulo tawo toyamba. Ngati ntchito yanu ndi yoyendetsa minibasi, njinga yamoto ya kabaza kapena makina odula, musafike 12. Lekezani 10 koloko, mayi ayambe kugona hafu 7, ndipo usiku wa Lachisanu ndi Loweruka mutenge gawo lalikulu. M'nyumba ya chipinda chimodzi njirayi imathekabe, bola inu mugone mbali imene kuli mwana kuti muzimumva msanga, mayi atembenukire kukhoma.

Njira imeneyi yokha imakwanira mabanja ambiri, ndipo ndikulangizani muyambe nayo kwa sabata imodzi. Ikapanda kukwanira pali yachiwiri: inu kumumwetsa mwana mkaka wa amake wofinyidwa, kuti kudzuka kwa 11 koloko kuja mayi asakumve n'komwe. Pa masabata asanu izi n'zotheka ngati mwana akugwira bere bwino ndipo sikelo ikukwera. Mwana wobadwa masiku asanakwane, wochepa thupi, wachikasu kapena amene sikelo yake yaima, ameneyo funsani kaye kuchipatala, pakuti ena a iwo amafunika kuwadzutsa maola atatu aliwonse.

Muyeso wake ndi uwu. Mwana wa msinkhu uwu amamwa pafupifupi mamililita 150 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Tinene kuti wanu akulemera makilogalamu 4: ndiye kuti mamililita 600 pa tsiku, ndipo mukagawa ka 8 mupeza mamililita 75 pa kudya kumodzi. Amenewo ndi masipuni akuluakulu asanu a muyeso wa mamililita 15. Konzani 80 kapena 90, chifukwa wina amatayikira pachibwano. Mayi asayembekezere kuti onsewo atuluka nthawi imodzi. Masiku oyamba kufinya ndi manja kumatulutsa mwina 20 kapena 30, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti mkaka ndi wochepa, mwana amakoka bwino kuposa zala. Nthawi yabwino ndi m'mawa pamene mabere ali odzaza, mwana atangoyamwa. Asambe m'manja ndi sopo, aike chala chachikulu pamwamba ndi chamkombaphala pansi, m'malire mwa pakuda pa bere, akanikizire chakuchifuwa kenako apanikize zalazo n'kumasula, mobwerezabwereza, akusuntha zala kuzungulira bere. Asakoke nsonga. Kufinya kawiri kapena katatu m'mawa ndi masana kumakwanitsa kapu ya usiku. Anamwino a kusikelo akhoza kuwaonetsa ndi manja, zimene n'zosavuta kuposa kuwerenga.

Za filiji yanu ija. Mkaka wa m'mawere wofinyidwa mwaukhondo, uli m'kapu yotsukidwa ndi sopo, yothiridwa madzi owira ndi yovundikira, umakhala bwino maola anayi panja pa filiji. M'nyengo yozizira ungafike maola asanu ndi limodzi, koma mu Okutobala musapitirire anayi. M'filiji yoyaka bwino umatha masiku anayi, koma poti magetsi anu ndi ozimazima, tengani lamulo lakuti wofinyidwa lero umwedwe lero lomwe. Uikeni m'kati kumbuyo, osati pachitseko, ndipo magetsi akazima musamatsegule filijiyo. Mukaugwira n'kupeza kuti sukuziziranso ndipo simukudziwa kuti wakhala choncho maola angati, utayeni, usiku umenewo mubwerere ku njira yoyamba ija. Mkaka ukakhala umalekana, mafuta n'kuyandama pamwamba. Sunawonongeke, ingoyendetsani kapuyo pang'ono usakanikirane. Poutenthetsa imikani kapuyo m'mbale ya madzi ofunda kwa mphindi zingapo, donthezani padzanja lanu muone kuti sukuwotcha. Pamoto usapite. Umene mwana wasiya m'kapu ukapitirira maola awiri ndi wotaya.

Ndikuti kapu, osati botolo, chifukwa kapu mumaiona yonse potsuka, komanso mwana wozolowera botolo limene mkaka umangotsika wokha nthawi zina amayamba kukwiya ndi bere. Kakapu kakang'ono kopanda m'mphepete mwakuthwa, ngati ka mankhwala kaja, n'kokwanira. Mwana akhale ali maso, mutamukhazika chotsamira pang'ono pamwendo panu, dzanja lanu lili kumbuyo kwa khosi ndi mutu wake, manja ake mutawakulunga m'kansalu kuti asagunde kapu. Kapu itsamire pamlomo wake wam'munsi, muipendeketse mpaka mkaka ungokhudza milomo, n'kuima pomwepo. Iye ayamba kunyambita kenako kumwa yekha, akupumira. Musathire mkaka m'kamwa mwake. Ndinaonapo bambo wina, wachangu ndi wachikondi ndithu, amene anaona ngati mwana akuchedwa n'kupendeketsa kapu monga mmene amamwera thobwa. Mwana anatsamwa, nkhope kufiira, bamboyo manja kunjenjemera, ndipo anatenga sabata asanayerekezenso. Mwana sanavulale, koma phunzirani masana a Loweruka mayi ali pomwepo, osati koyamba pakati pa usiku muli nokha. Akatseka kukamwa ndi kutembenuzira nkhope kumbali ndiye kuti wakhuta, ngakhale mkaka utatsala.

Njira ya kapuyi ili ndi malire ake. Kudya kumodzi kokha pa usiku, ndipo mayi asapitirire maola asanu kapena asanu ndi limodzi bere lisanayamwidwe. Akadzuka mabere atalimba ngati mwala ndiye kuti nthawi yatalika, muichepetse. Mukaona mbali ina ya bere yafiira, ikutentha ndi kupweteka, mayi akumva kuzizidwa ngati malungo, apitirize kuyamwitsa bere lomwelo ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, lisanasanduke chithupsa. Palinso nkhani ya kulera. Kuyamwitsa kumateteza mayi kutenga mimba pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi isanu ndi umodzi, msambo sunabwerere, ndipo akuyamwa mwakathithi usana ndi usiku popanda mipata yaitali. Mukayamba kutalikitsa mpata wa usiku musadalirenso chitetezo chimenecho. Ndipo poti tafika kuchipinda, ndinene mosabisa: maola amene mwawapezera mayi aja ndi a tulo. Zina zidikire mpaka iwo eni atachira ndi kufuna.

Chimene chimagwetsa abambo ambiri ulesi si kapu kapena thewera, koma mwana wolira atakhuta kale. Mwanyamula, mwayenda, sakutonthola, ndiye mumati "akufuna amake" n'kukagogoda kuchipinda. Dziwani kuti kulira kwa makanda kumafika pachimake cha m'ma sabata yachisanu ndi chimodzi, kumene mukulowera kumeneku, kenako kumatsika pofika miyezi itatu kapena inayi. Si manja anu amene alakwa. Vulani malaya, mwana atsale ndi thewera lokha ndi kachipewa, mumuike pachifuwa panu choimirira, mutu utatembenukira kumbali kuti mphuno ikhale poyera, mumumange ndi chitenje n'kufunda nonse. Njira imeneyi ndi ya kangaru, imene kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999 posamalira ana obadwa ochepa thupi, ndipo chifuwa cha bambo chimafunditsa mwana mofanana ndi cha mayi. Yendani naye pang'onopang'ono mukung'ung'udza nyimbo, ya kutchalitchi kapena ina iliyonse. Mawu a bambo amanjenjemeretsa chifuwa, ndipo ana ambiri amagonja pakatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Akapitirira theka la ola akufunafunabe ndi kukamwa, ndi njala, pitani naye kubere.

Tsiku lina mudzamva mkwiyo ukukwera pakhosi. Zimachitikira aliyense wosagona. Mugonekeni mwana chagada pamalo ake, tulukani pakhonde mphindi zisanu, mubwere mtima utatsika. Musamugwedeze mwamphamvu ngakhale kamodzi, pakuti khosi lake silinalimbe ndipo mitsempha ya m'mutu imatha kuduka, mwana n'kulumala kapena kufa.

Choopsa china pa nthawi yanu ya usikuyi ndi mpando wa pabalaza. Bambo wotopa akakhala pasofa mwana ali pachifuwa amasinza osadziwa, mwana n'kutsetsereka kukapanikizika pakati pa thupi ndi khushoni. Kugona ndi khanda pasofa n'koopsa kwambiri kuposa pabedi. Mukamva zikope zikulemera imirirani, kapena mugonekeni pamalo ake inu mugone pamphasa pambali. Tsiku limene mwamwako mowa, ngakhale mabotolo awiri, musatenge gawo la usiku ndipo musagone bedi limodzi ndi mwana. Wosuta fodya chimodzimodzi asagone naye, ndipo asutire panja. M'nyengo yozizira ya mu Juni mudzafuna kulowetsa mbaula kuti mwana asazizidwe. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo khanda ndi limene limayamba kugonja. Chifuwa chanu ndi chipewa zimufunditsa mokwanira.

Za masana ndinena mwachidule, chifukwa simukhalapo. Sankhani ntchito ziwiri kapena zitatu zikhale zanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zoti mayi asamakukumbutseni. Kufunsa kuti "ndithandize chiyani?" kumawapatsa ntchito ina yoganiza. Ine ndimalangiza matewera, madzi ndi kusambitsa. Hafu 5 m'mawa musananyamuke, madzi akhale atatungidwa, tiyi kapena phala lili m'fulasiki, ndi chakudya choti mayi angadye ndi dzanja limodzi, monga mbatata yophika, nthochi kapena mtedza, chili pafupi ndi pamene amayamwitsira pamodzi ndi botolo la madzi akumwa. Matewera ansalu muwachotse chimbudzi, muwachape ndi sopo, muwatsukuluze mpaka thovu lithe chifukwa sopo wotsalira amasupula khungu, ndipo akauma padzuwa muwasite, kuopa mphutsi zija zimaikiridwa ndi ntchentche pa zovala zoyanika. Posambitsa yambani kuthira madzi ozizira m'beseni kenako otentha, yesani ndi chigongono, thaulo ndi zovala zikhale pafupi musanamuvule. Mphindi zisanu zakwana, ndipo musamusiye m'madzi kuti mukatenge chimene mwaiwala. Pukutani bwino m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche.

Wochapa matewera ndi amene amayamba kudziwa ngati mwana akukhuta. Matewera onyowa asanu ndi limodzi kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wosafiira, ndiye kuti mkaka ukulowa. Akachepa, mwana n'kumagona mofooka osafuna kuyamwa, musadikire tsiku la sikelo. Pitaninso kuchipatala usiku womwewo thupi likatentha kufika madigiri 37.5 kapena likazizira modabwitsa, akamapuma mofulumira ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, chifuwa chikamalowa m'kati popuma, kapena akakomoka. Khanda la msinkhu uwu sitilipatsa panado kunyumba n'kudikira kuti kuche.

Mwina simunatenge tchuthi mwana atabadwa. Kuyambira pamene lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021, bambo wolembedwa ntchito m'Malawi ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera awiri mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu, akulandira malipiro ake onse. Abambo ambiri sadziwa, ena amachita manyazi kupempha. Kafunseni kuofesi kwanu ngati mungachitengebe tsopano apongozi atachoka, pamene chikufunika kwambiri.

Pakhomo padzamveka mawu. Wina adzakuonani mukuyanika matewera n'kunena kuti anakudyetsani khuzumule. Kale mayi akatuluka m'chikuta ankazunguliridwa ndi amake, azakhali ndi achemwali, ndipo bambo analibe malo pamenepo chifukwa manja analipo ambiri. Ku Kawale m'nyumba ya lendi manja amenewo kulibe, ndipo wonenayo sabwera kudzachapa. Mawu ovuta kwambiri adzachokera kwa mayi a mwana eni: "simukumugwira bwino", "bweretsani kuno". Mayi woyamba amakhala ndi mantha, ndipo ena sagona ngakhale mwana ali ndi bambo, amangomvetsera kuseri kwa chitseko. Musakwiye n'kusiya. Gwirizanani masana, mitima ili m'malo, kuti mukadzaona chakuti ndi chakuti mudzawadzutsa ndithu, kupatula apo agone. Masiku atatu kapena anayi oyamba amavuta, kenako thupi limakhulupirira.

Ndabwerera dala pomaliza ku misozi ija munaiona, chifukwa sindifuna muiwerengere yonse ku tulo. Kulira kwa masiku oyamba mayi atangobereka kumatha kokha pasanathe masabata awiri. Pa masabata asanu tiyenera kuyang'anitsitsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati m'maiko ongotukuka kumene pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amadwala matenda a maganizo akabereka, makamaka okhumudwa kwambiri. Njira yosiyanitsira muli nayo m'manja: apatseni maola aja kwa sabata imodzi. Mayi amene anangotopa amasintha msanga, amayambanso kuseka ndi kumva njala. Koma ngati mwana ali ndi inu, nyumba ili zii, iwo tulo osabwera, chakudya osachifuna, akudziona ngati mayi wolephera, mwana osamukondwerera, amenewo ndi matenda ndipo amachizika. Akanena zofuna kudzipweteka kapena kupweteka mwana, kapena akayamba kulankhula zosamveka ndi kuona zinthu zimene inu simukuziona, musawasiye okha ndi mwana, pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Kutopa kwina kumachokera ku kuchepa kwa magazi, makamaka ngati anataya ambiri pobereka: chizungulire, mtima kugunda mofulumira, kupuma movutikira akangoyenda pang'ono, m'zikope ndi m'manja kuyera.

Sabata yamawa mwana akwanitsa masabata asanu ndi limodzi, tsiku la katemera wake komanso loti amake akapimidwe. Pemphani chilolezo kuntchito mupite nawo, buku la kuchipatala la mayi ndi la mwana onse m'manja. Mukaone nokha sikelo ngati yakwera, apimitse magazi, mukambirane za njira yolera, ndipo anamwino akuonetseni kufinya ndi kumwetsa ndi kapu. Za kulira kuja mukazitchule inuyo, mutawapempha kaye mayiwo, pakuti ambiri akafunsidwa pamzere wa sikelo amangoyankha kuti ali bwino. Madzulo a tsiku limenelo mwana akhoza kutentha thupi pang'ono ndi kuvuta chifukwa cha jakisoni, ndiye mufunse anamwino musanachoke kuti kutentha kotani kumene muyenera kubwerera nako. Usiku umenewo kapu muisiye, ayamwe bere nthawi iliyonse imene afuna, inu muzimutenga akamaliza.